Kalembedwe ka kapishoni ya ulendo wautali wa pabasi wa ku ukwati kumudzi

Chithunzi mwajambula, nonse mwaoneka bwino, basi ili pa liwiro kudutsa Zalewa. Kenako chala chimangoima pamwamba pa foni. Ambiri akafika apa amalemba "Paulendo ndi anzanga" kapena amangoika timitima titatu, ndipo pakapita mphindi zochepa azakhali amaimba foni kufunsa kuti kwagwanji kumudzi. Kapishoni, kapena kuti mawu amene timalemba pansi pa chithunzi, ili ndi ntchito ziwiri pa ulendo wotere: kunena msanga kuti mukupita ku chisangalalo, ndi kutchula kanthu kamodzi ka ulendowo kamene chithunzi sichingathe kuonetsa. Malangizowa atsata chitsanzo chimodzi: anthu asanu anyamuka pa Wenela ku Blantyre Lachisanu m'mawa, akupita ku ukwati wa mnzawo wamwamuna kumudzi wina kufupi ndi Madisi, m'boma la Dowa.

Zofunika kukhala nazo

- Foni yotchaja bwino ndi pawabanki. Kuchoka ku Blantyre kufika ku Lilongwe kokha ndi makilomita opitirira 300, ndiye pali kusintha galimoto ndi kupitirira mpaka Madisi. Batire silingapirire tsiku lonse ngati mukujambula.
- Bandulo yogula musananyamuke.
- Polembapo manotsi m'foni, kapena uthenga wodzitumizira nokha pa WhatsApp.
- Zithunzi zitatu kapena zinayi zoti musankhepo chimodzi.
- Kadi ya ukwati, kuti mulembe molondola dzina la malo ndi tsiku.
- Mnzanu mmodzi amene amadziwa bwino banja la akwati, woti awerenge musanatumize.

Sitepe 1: Sankhani kumene muike chithunzicho musanalembe liwu lililonse

Malo ndi amene amalamula kutalika kwa mawu. Pa Status ya WhatsApp chithunzi chimakhala maola 24 basi, munthu amachiona kwa masekondi ochepa, ndipo mawu amakhala pamwamba pa chithunzi chenichenicho, cham'munsi. Mukalemba mizere inayi mwaphimba nkhope za amene akhala kutsogolo. Apa lembani mzere umodzi kapena iwiri. Pa Facebook mukhoza kutalikitsa, koma mawu akachuluka amadulidwa n'kubwera "See more", ndipo si onse amene amadina. Pa Instagram kapishoni imaloledwa kufika zilembo 2,200, koma zimene zimaoneka munthu asanadine ndi mzere woyamba ndi kachidutswa ka wachiwiri.

Chenjezo: kapishoni ya pa Status ikapita yapita. Simungaikonze, muyenera kufufuta chithunzi chonse n'kuikanso, ndipo amene anaona kale aona. Pa Facebook ndi Instagram mukhoza kukonza pambuyo. Choncho ngati mukukayika, Status ikhale yomalizira.

Sitepe 2: Tolani zinthu za m'njira, musayambe ndi kufuna mawu okoma

Apa ndi pamene pagona ntchito yonse. Kapishoni yabwino siichokera m'mutu, imachokera m'basi. Kuyambira ponyamuka, lembani m'manotsi kanthu kalikonse kamene kakuchititsani kuseka kapena kudandaula, m'mawu atatu kapena anayi okha. Musasankhe, ingolembani. Pofika pa Dedza muzikhala muli ndi zinthu zosachepera zisanu.

M'chitsanzo chathu manotsi akhoza kuoneka chonchi: keke ya ukwati ili pamiyendo ya mmodzi wa ife kuchokera pa Wenela, wina wagona kuyambira pa Lunzu, wadzuka pa Ntcheu kufunsa ngati tadutsa Zalewa, tagula mbatatesi pa Lizulu kudzera pawindo, chenji chabwera basi itayamba kale kuyenda, suti ya woperekeza mkwati yalendewera pachitsulo cha katundu, kuzizira kwa ku Dedza kwatipeza tilibe majuzi.

Onani kuti chilichonse pa mndandandawu chili ndi chinthu chogwirika ndiponso malo. "Ulendo wotopetsa" si kanthu, chifukwa ulendo uliwonse wa pabasi umatopetsa. "Keke pamiyendo kuchokera pa Wenela" ndi ya ulendo uno wokha. Njira yoyesera ndi iyi: funsani ngati mawuwo angakwane pansi pa chithunzi cha anthu ena, opita kwina, chaka china. Ngati angakwane, atayeni.

Chenjezo: musatole zinthu za anthu osawadziwa. Mayi amene mwana wake wasanza, bambo amene wakangana ndi kondakitala pa nkhani ya chenji, amenewo sali pa ulendo wanu ngakhale muli basi imodzi.

Sitepe 3: Sankhani chithunzi, kenako chotsani pa mndandanda zimene chikuonetsa kale

Ikani chithunzi ndi manotsi pafupi. Ngati pachithunzi pakuoneka anthu asanu akuseka m'basi, palibe chifukwa cholembera kuti muli asanu, muli m'basi, ndipo mukusangalala. Owerenga ali ndi maso. Mawu anu anene zimene diso silingaone: kumene mukupita, chifukwa chake, nthawi imene mwakhala pampando, kapena chimene chachitika chithunzi chisanajambulidwe.

Nthawi zina zimayenda mosemphana. Ngati kanthu kabwino koposa pa mndandanda ndi keke ija, jambulaninso chithunzi chimene bokosi la keke likuonekera pang'ono pakona. Mawu akatchula keke, diso limapita kukaifuna, ndipo munthu amakhalitsa pachithunzipo.

Pojambula, khalani moti kuwala kwa pawindo kugwe pankhope, osati kumbuyo kwanu, apo ayi mudzaoneka ngati zithunzithunzi. Dikirani pamene basi yaima kapena ikuyenda pamsewu wosalala, ndipo dulani chithunzi kuti nkhope za okwera ena zisaoneke.

Sitepe 4: Liwu loti "ukwati" likhale mumzere woyamba

Sitepe iyi ndi imene anthu ambiri amaiphonya. Kwathu kuno gulu la anthu a m'tauni likakwera basi mwadzidzidzi kupita kumudzi, amayi atavala zitenje ndi mipango, chimene chimabwera msanga m'mutu mwa woona ndi maliro. Mukalemba kuti "Wa kumudzi" kapena "Tikupita kukaperekeza mnzathu", mwasiya khomo lotsegula. Liwu loti kuperekeza limagwira ntchito konsekonse, ku ukwati ndi kumanda komwe.

Choopsa koposa ndi nthabwala ya anyamata yonena za mnzawo amene akuchoka pa umbeta: "Mnzathu watisiya", "Wapita mnyamata", "Tataya munthu". Pakati panu m'basi n'zoseketsa. Kwa munthu amene waona mzere woyamba wokha ali kuntchito, imeneyo ndi nkhani ya imfa, ndipo ena sadikira kuwerenga mpaka kumapeto, amayamba kulemba "Pepani" kapena kuimbira makolo a mkwati. Ngati mukufuna nthabwala imeneyi, iikeni pambuyo pa liwu la ukwati, ndipo muimalize: "Wa ku ukwati ku Madisi. Mnzathu watisiya pa umbeta." Mawu awiri omalizawo ndi amene achotsa mantha.

Samalaninso ndi mawu a mwambowo. Chinkhoswe si ukwati. Ngati mukupita ku chinkhoswe, lembani chinkhoswe, chifukwa achibale amene sanamve bwino adzaganiza kuti ukwati wachitika iwo osaitanidwa. Mwamuna amakwatira, mkazi amakwatiwa. Mwamuna ndi mkwati, mkazi ndi mkwatibwi, ndipo onse awiri pamodzi ndi akwati. Kulemba kuti "achimwene akukwatiwa mawa" kudzakusandutsani nkhani ya pa ukwati wonse.

Sitepe 5: Mangani kapishoni m'zigawo zitatu

Chigawo choyamba chinene kumene mukupita ndi chifukwa chake, m'mawu osapitirira asanu ndi awiri. Chachiwiri chikhale kanthu kamodzi ka pa mndandanda wanu. Chachitatu, chimene mukhoza kuchisiya, ndi mawu olunjika kwa akwati kapena kwa okulandirani.

Tiyeni tiyende ndi chitsanzo chathu kuchokera pa kulemba koyamba.

Koyamba: "Paulendo ndi anzanga, ulendo wautali koma tikusangalala kwambiri." Palibe ukwati, palibe malo, ndipo zonse zikuoneka kale pachithunzi.

Kachiwiri: "Tikupita ku ukwati wa mnzathu ku Madisi, tanyamuka 6 koloko m'mawa, wina wagona njira yonse, tagula mbatatesi pa Lizulu, ku Dedza kukuzizira, ndipo tanyamula keke." Tsopano ukwati ulimo, koma zinthu zisanu zikulimbirana malo ndipo palibe chimene chikumveka. Ili ndi lipoti la ulendo.

Kachitatu: "Wa ku ukwati ku Madisi. Keke ili pamiyendo kuchokera pa Wenela." Apa zayamba kugwira. Chatsala ndi kakupotoza kakang'ono kumapeto.

Komaliza: "Wa ku ukwati ku Madisi. Keke ili pamiyendo kuchokera pa Wenela, ndipo mpaka pano palibe wayilawa. Achimwene, tikubwera."

Onani mmene mawu oseketsa akhalira kumapeto kwa chiganizo. Mukalemba kuti "Palibe walawa keke imene ili pamiyendo kuchokera pa Wenela", mfundo ndi yomweyo koma mphamvu yatha, chifukwa mwaulula nthabwala musanayale nkhani. Onaninso kuti dzina la Wenela likugwira ntchito yonena kutalika kwa ulendo. Aliyense wodziwa msewu wa M1 awerengera yekha maolawo, inu osatchula nambala.

Zina za pa mndandanda uja sizinatayike. Wogona uja akhoza kukhala kapishoni ya chithunzi china: "Wagona pa Lunzu, wadzuka pa Ntcheu, akufunsa ngati tadutsa Zalewa. Uyu ndiye woperekeza mkwati mawa." Mbatatesi nazo zikhoza kudikira ulendo wobwerera.

Pali kasewero kamodzi kamene Chichewa chimatipatsa kwaulere: basi yokwera ndi basi yoti zatha. "Kuchokera m'mawa ndi basi basi, koma ku ukwati tikafika" imamveka bwino mukaiwerenga mokweza. Ambiri anaigwiritsapo kale ntchito, choncho isakhale yokha. Iphatikizeni ndi kanthu ka ulendo wanu.

Nanga miyambi? Mwambi umakoma pamene wagwa pa chinthu chenicheni. Ngati ukwati uli m'dzinja, mwatsika pamsewu wa tala, ndipo nsapato zatsopano zamira m'matope pa njira ya kumudzi, "Walira mvula walira matope" ikukhala pamalo pake. Koma kungoika mwambi pansi pa chithunzi cha anthu okhala pamipando kumamveka ngati mawu a pakalendala.

Sitepe 6: Werengani ngati mmene awerengere a kumudziko

Musaganize kuti chithunzi chanu chidzathera m'tauni. Msuweni wa mkwatibwi ali ndi nambala ya mmodzi wa inu, ajambula sikirini, ndipo madzulo omwewo foni ikuzungulira pakati pa amayi amene akuphika thobwa. Inu mukafika mudzadya nsima yawo ndi kugona pamphasa zawo. Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata, ndipo masiku ano mlomowo umatha kufika inu musanatsike n'komwe.

Choncho nthabwala iloze kwa inu eni, osati kwa mudzi. "Tikupita kutchire", "Kumene netiweki inakana", "Mutipempherere, tikupita kopanda magetsi", zonsezi zimauza okulandirani kuti kubwera kwanu ndi chifundo chimene mwawachitira. Tembenuzani kuti wosekedwa akhale wa m'tauni: "Ana a m'tauni asanu, nsapato zoyera, njira ya fumbi ikutidikira. Tionana ku ukwati." Mfundo ya fumbi ilipobe, koma opusa ndinu.

Mkwati ngati ndi mnzanu wa paubwana mukhoza kumutchula mmene mumatchulirana, koma pagulu "achimwene", "achemwali" kapena "alamu" zimakhala bwino kuposa dzina lachipongwe la kusukulu. Za mkwatibwi amene simunazolowerane naye, lembani mwaulemu: "alamu athu", osati "mkazi wake uja". Nkhani za zibwenzi zakale, za kuchedwa kukwatira, za mimba kapena za ndalama zimene banja lawononga, zisiyeni m'basi momwemo.

Tsopano perekani foni kwa mnzanu wodziwa banja uja, ndipo aliyense amene ali pachithunzi achione. Wogona kukamwa kuli yasa ali ndi ufulu wokana. Winanso mwina wapempha tchuthi kuntchito ponena kuti akudwala. Mukamutaga pa Facebook mwamuulula kwa abwana ake.

Sitepe 7: Konzani kalembedwe

Mafoni ambiri amasintha okha mawu a Chichewa kuwasandutsa a Chingerezi. Ngati mumalemba ndi Gboard, pitani ku Settings, mufufuze Auto-correction n'kuizimitsa. Basi ikamadumpha m'maenje chala chimaphonya zilembo, choncho lembani m'manotsi poyamba, muwerenge kawiri, kenako mukopere.

Yang'anani mayina a malo pa kadi ya ukwati. Dzina la malo likalembedwa molakwika, eni ake amaona msanga kuposa china chilichonse. Tizithunzi ta kumwetulira ndi timitima tisapitirire tiwiri, ndipo tikhale kumapeto. Pewani kankhope kogwetsa misozi ngakhale mukutanthauza kuseka, chifukwa pa foni ya sikirini yaing'ono achikulire sasiyanitsa misozi ya chimwemwe ndi ya chisoni. Hashitagi ikani ngati akwati anakonza yawo, ndipo muikopere ndendende. Yongopeka nokha siithandiza aliyense kupeza zithunzi.

Sitepe 8: Sankhani nthawi ndi anthu oti aone

Netiweki imakhala bwino m'matauni ndi m'misika ikuluikulu ya m'njira, monga pa Ntcheu, Dedza, Lilongwe ndi Mponela, ndipo imatha kufooka mukapatuka kulowa njira ya kumudzi. Tumizani basi itaima pamalo otere, ndipo dikirani muone kuti chithunzi chakweradi musanadinenso. Kudina kawiri poganiza kuti zakanika ndiko kumabweretsa chithunzi chimodzi katatu pa Status.

Ganiziraninso ngati n'koyenera kutumiza muli m'njira. Kapishoni yonena kuti nonse a m'nyumba mwachoka Lachisanu ndipo mubwera Lamlungu ndi chidziwitso kwa akuba. Pa Status mukhoza kuchepetsa oona posankha "My contacts except..." kapena "Only share with...", ndipo pa Facebook sankhani "Friends" m'malo mwa "Public". Kusintha kumeneku chitani musanatumize, chifukwa pa WhatsApp sikukhudza zimene zapita kale. Ngati kunyumba kulibe munthu, palibe chimene chitayike mukasunga chithunzicho mpaka mutabwerera, ingosinthani nthawi ya mneni: "Keke inayenda pamiyendo kuchokera pa Wenela mpaka ku Madisi, ndipo inafika yathunthu."

Zolakwika zimene zimabwerezedwa kawirikawiri

Kuonetsa ndalama za perekaniperekani. Anthu amakonda kujambula mpukutu wa ndalama zosinthasintha n'kulemba kuti "Takonzeka". Muli m'basi ya anthu ambiri, mukatsika pa depoti ya Lilongwe, mwinanso mukwera kabaza kutada. Chithunzi chimenecho chidikire ukwati utatha.

Kuulula zimene akwati akusunga. Ngati mwanyamula diresi la mkwatibwi, mphatso ya gulu kapena keke, onetsani bokosi, osati zam'kati. Chitenje cha yunifolomu nachonso makomiti ena safuna chioneke tsiku lisanafike, funsani.

Kusandutsa kapishoni kukhala dandaulo. Basi ikachedwa kunyamuka maola awiri podikira kudzaza, kapena tayala likaphulika pa Phalula, mtima umafuna kutchula dzina la kampani ndi nambala ya galimoto. Mukatero ndemanga zonse zidzakhala za mabasi, ukwati n'kuiwalika. Tchulani vutolo mopepuka, popanda dzina: "Tayala lagonja pa Phalula, ife ayi. Ukwati ndi mawa." Ndipo ngati mwaima chifukwa cha vuto, nenani kuti muli bwino, kuti makolo asaganize za ngozi.

Kulonjeza nthawi yofika. "Tifika 3 koloko" imachititsa kuti wina akakudikireni pamsewu ndi njinga mpaka dzuwa kulowa. Nthawi yofika uzani munthu mmodzi pa foni, ndipo muzimuuza pamene mwafika: tadutsa Lumbadzi, tili pa Mponela.

Kutumiza pa siteji iliyonse. Chithunzi pa Zalewa, china pa Chingeni, china pa Tsangano, china pa Linthipe, chilichonse ndi kapishoni yake: pofika pa Nathenje anthu ayamba kungodumpha. Ziwiri zikukwana pa ulendo wopita, chimodzi cha m'basi ndi china chofikira, chotsika ndi katundu pamsewu wa fumbi.

Kutchula mudzi, nyumba ndi nthawi ya madyerero pa chithunzi choonedwa ndi aliyense. Kumudzi anthu amabwera ku ukwati ngakhale osaitanidwa, ndipo ophika amawerengera zimenezo, koma sanawerengere anzanu a pa Facebook a ku Lilongwe amene aona kuti Madisi ndi pafupi. Dzina la boma kapena la msika wapafupi ndi lokwanira. Dzina la mudzi ndi nthawi zisiyeni pa kadi.